Chala chisanadine: mafunso asanu a pa gulu la banja

Ana a alongo anga, ndi inu zidzukulu zanga, pali nkhani imene yakhala kukhosi kwanga kuyambira Okutobala uja. Pa gulu lathu la WhatsApp sindinafune kuiyamba, chifukwa pamenepo mawu a munthu sachedwa kukwiririka ndi zithunzi za maukwati ndi mavesi a m'mawa. Ndiye ndati ndilembe bwinobwino monga malume wanu, kuti muwerenge mutakhala pansi.

Mukulikumbuka Lachiwiri lija. Nthawi itangokwana 8 koloko, pa gulu panagwa chithunzi cha basi yaikulu itagona chammbali m'ngalande, magalasi ali mbwee pamsewu, anthu atatu atawafunditsa zitenje pambali pake. Pansi pake panalembedwa kuti pa Linthipe pachitika ngozi yoopsa m'mawa uno, anthu ambiri afa, tumizani kwa ena. Amene anatumiza ndi mmodzi wa inu. Dzina sinditchula, poti zimene anachita mwanayo tonse tinazichitapo. Iye sanadziwe kuti mchimwene wanu anali atakwera basi ku Lilongwe m'mamawa womwewo, ulendo wa ku Ntcheu kukaona amayi ake, ndipo wopita ku Ntcheu sangalambalale Linthipe, msewu ndi womwewo wa M1.

Amayi anu aakulu anachiona chithunzicho ali pa mjigo. Anaimba foni ya mwana wawo katatu, osapezeka. Batire inali itatha, koma iwo akanadziwa bwanji? Ndi matenda awo othamanga magazi aja, anangokhala pansi pomwepo, ndowa ili kusefukira, mpaka amayi anzawo anachita kuwagwirira kupita nawo kunyumba. Mnyamatayo anafika cha m'ma 11 koloko, atanyamula shuga ndi buledi, n'kupeza pakhonde padzaza anthu, ena ayamba kale kugwetsa misozi. Amayi ake anagona masiku awiri kuchipatala. Pa Linthipe panalibe ngozi iliyonse tsiku limenelo.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: chithunzi chija sichinali chabodza. Basiyo inagwadi, ndipo anthu ofunditsidwa zitenje aja anali ana a anthu ena amene anawaliradi. Koma zinachitikira kwina, ndiponso kalekale. Bodza linali m'mawu a pansi aja. Ambiri mumaganiza kuti chithunzi chonyenga ndi chimene wina wachisokasoka pa kompyuta, ndiye mukachiyang'ana n'kuona kuti palibe msoko, mumati basi n'choona. Zosokedwazo ziliko, koma zimene zimatigwetsa kawirikawiri ndi zithunzi zenizeni zimene wina wazivula dzina lake n'kuziveka dzina la kwathu ndi tsiku la lero. Kuchita zimenezo sikulira luso. Aliyense wodziwa kulemba mawu asanu ndi limodzi akhoza.

Komanso pa gulu la banja anthu sakhulupirira chithunzi, amakhulupirira inuyo. Amayi anu aakulu akanachiona kwa munthu wachilendo akanayamba akayika. Anachilandira kuchokera kwa mwana amene anamubereka kumbuyo, wa sukulu zake, ndiye akanakayika chiyani? Mukadina kuti chipite, mwasainapo dzina lanu.

Choncho musanadine, yambani mwadzifunsa kuti wajambula ndani. Sindikunena amene wakutumizirani, ndikunena amene anaimirira pamalopo n'kuloza foni yake. Mwana uja nditamufunsa, anati analandira kwa mnzake wa ku ntchito. Mnzakeyo anati anachitenga pa gulu la ku tchalitchi. Wa ku tchalitchi anati sakukumbuka. Anthu atatu okha, chingwe chaduka, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anali pa Linthipe. Kumudzi munthu akabwera ndi nkhani yoti nyumba ya uje yapsa, timamufunsa kuti mwaona nokha kapena mwamva. Akati ndamva, timafunsa kuti kwa yani. Funso lomwelo ligwiritseni ntchito pa foni. Mulembereni amene watumizayo, kuseri osati pa gulu, kuti kodi wajambula ndiwe? Akati ayi, kodi ukumudziwa amene wajambula? Akatinso ayi, dziwani kuti muli ndi mphekesera m'manja, kungoti yabwera ndi chithunzi.

Foni yomweyo imakuthandizaniko mukamayang'ana. Pamwamba pa uthenga umene munthu wangoupatsira pamakhala kamuvi ndi mawu akuti "Forwarded". Uthenga umene wadutsa m'manja ambiri, kasanu kapena kuposa, umakhala ndi timivi tiwiri ndi mawu akuti "Forwarded many times". Chithunzi cha basi chija chinali ndi timivi tiwiri. Taganizani, ngozi akuti yachitika m'mawa womwewo, 8 koloko yangokwana, koma chithunzi chayenda kale mtunda wonsewo. Zikhoza kutheka, koma n'zoyenera kukuimitsani kaye. Chenjerani mbali inayi: kusakhalapo kwa kamuvi sikutsimikiza kanthu. Munthu akasunga chithunzi mu foni yake n'kuchitumiza mwatsopano, kamuviko kamachoka, chimaoneka ngati wajambula yekha.

Funso lachiwiri ndi lakuti chinajambulidwa liti, ndipo apa ndi pamene ine ndinazindikirira kuti tanamizidwa, ngakhale ndinazindikira mochedwa. Madzulo a tsiku lija, mitima itakhala pansi, ndinavala magalasi n'kuchikulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Ndinasiya kuyang'ana basi, n'kuyang'ana kuseri kwake. Udzu unali wobiriwira, wofika m'chiuno. Patsidya panali munda, mbewu zili m'mawondo. Pamsewu panali madzi odikha ndipo mayi wina anali ndi ambulera. Ana inu, Dedza mu Okutobala! Nthawi imeneyo udzu ndi wouma, mwina wapsa kale ndi moto wa osaka mbewa, minda ili mbee, anthu akungogalauza mizere kudikira mvula. Mwana aliyense woweta mbuzi akanakuuzani kuti chithunzicho si cha mwezi umenewo. Koma tonse, anthu oposa 40 pa gulu, maso athu anathamangira pa zitenje zija. Ndi mmene chithunzi choopsa chimagwirira ntchito: chimakukokerani pa magazi kuti musaone udzu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musadalire tsiku limene foni yanu ikuonetsa pa chithunzicho. Limenelo ndi tsiku limene chafika kwa inu. Chithunzi chikajambulidwa, kamera imasunga mkati mwake tsiku ndi nthawi, koma chikadutsa pa WhatsApp monga chithunzi wamba, zonsezo zimafufutika. Chithunzi cha zaka zisanu zapitazo chimafika mu foni mwanu chili chatsopano ngati chobadwa lero.

Inu amene muli ku Joni, kapena muli ndi abale kumeneko, nkhani imeneyi ikukukhudzani kwambiri. Mu Meyi 2008 ku South Africa kunabuka ziwawa zothamangitsa anthu obwera, ndipo anthu oposa 60 anaphedwa. Pa nthawiyo atolankhani anajambula mwamuna wina wa ku Mozambique akutenthedwa wamoyo kufupi ndi Johannesburg. Chithunzi chimenecho n'choona, ndipo n'chomvetsa chisoni kwabasi. Koma chakhala chikubweranso ziwawa zikayambiranso, mu 2015 ndi mu 2019, anthu n'kumati zachitika dzulo. Mu Sepitembala 2019 munayendanso vidiyo ya nyumba yosanja ikuyaka, anthu akudumpha kuchokera pamwamba, amvekere ndi anthu obwera akuwatentha ku South Africa. Vidiyo imeneyo inali ya moto umene unabuka mu Meyi chaka chomwecho mu mzinda wa Surat ku India, m'nyumba imene ophunzira ankachitiramo maphunziro apadera. Ziwawa za 2019 zinalikodi, anthu anafadi, sindikuchepetsa. Koma mayi wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene mwana wake ali ku Joni, akaona anthu akudumpha m'moto, usiku umenewo sagona, ndipo akulirira moto wa dziko lina.

Madzi osefukira nawonso ndi chimodzimodzi. Tinaona a mu Januwale 2015 ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kenako namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023 amene anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Chilichonse mwa zimenezi chinasiya zithunzi zambirimbiri zenizeni m'mafoni a anthu. Mlatho woduka umafanana ndi mlatho unzake woduka. Mvula ikangogwa masiku awiri osalekeza, nkhokwe imeneyi imatseguka, ndipo wina amatapamo chimodzi n'kulembapo dzina la mtsinje wa kwanu.

Lachitatu ndi m'bale wake wa lachiwiri: kodi pamenepa ndi pati? Apanso yang'anani m'mphepete, osati pakati. Kwathu kuno magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja, ndipo chitseko cha basi chimakhala kumanzere kuti okwera azitsikira kumbali ya msewu. Ndi mmenenso zilili ku Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa. Koma ku Congo, Nigeria ndi Ghana amayenda kumanja. M'chithunzi chija munali mzere wa magalimoto amene anaima chifukwa cha ngoziyo, tikuwaona kumbuyo kwake, ndipo onse anali kudzanja lamanja la msewu. Apo pokha nkhani inali itatha: si Linthipe, si Malawi, ngakhale dziko loyandikana nafe lililonse mwa amene ndatchula poyamba aja.

Palinso zina zoti muziyang'ana. Nambala za magalimoto a kuno mumazidziwa, ndipo zambiri zimayamba ndi zilembo za boma, monga BT, ZA, DZ kapena NU. Yunifolomu ya apolisi athu a pamsewu mumaidziwa. Zikwangwani za masitolo zimaulula msanga: chikalembedwa Chipwitikizi, Chiswahili kapena Chifalansa, mwadziwa kumene muli. Ndipo inu amene munayendapo pa msewu wa M1 mukudziwa kuti ukafika dera la Linthipe umaona mapiri a miyala a ku Dedza. M'chithunzimo munali chigwa chokhachokha ndi migwalangwa yamtundu wina. Ngati m'chithunzi mulibe chilichonse chokuuzani malo, wina anachidula mwadala kapena anajambula pafupi kwambiri moti mukungoona bala ndi magazi, chimenecho musachikhulupirire n'komwe. Chithunzi chopanda malo akhoza kuchipatsa malo alionse.

Mafunso atatu amenewa salira bandulo. Ndanena dala zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mumagula bandulo ya WhatsApp yokha, imene siitsegula masamba ena. Koma amene muli ndi bandulo ya intaneti yonse, pali njira yachidule imene mdzukulu wanga wina wa ku koleji anandionetsa usiku womwe uja. Anatsegula Google pa foni, n'kudina kachizindikiro ka kamera kamene kali m'malo olembamo zofufuza, kamene amakatcha Google Lens. Anasankha chithunzi cha basi chija mu foni, ndipo posakhalitsa panabwera masamba amene chithunzi chomwecho chinatulukapo. Iye sanawerenge zonse. Ankangofuna tsiku lakale kwambiri. Anachipeza pa tsamba la nyuzipepala ya dziko lina la kumadzulo kwa Africa, nkhani ya zaka zitatu m'mbuyomo. Pali tsamba linanso lotchedwa TinEye limene limachita zomwezo, ndipo ukasankha "Oldest" limakuikira chakale kwambiri pamwamba. Anandiuzanso kuti chithunzi chikakhala ndi mawu olembedwa pamwamba pake, ndi bwino kuyamba wadula mawuwo n'kusiya chithunzi chokha, chifukwa mawu owonjezerawo amasokoneza kufufuza.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo muwadziwe. Ikakupezerani chithunzicho pa tsamba lakale, yakuuzani motsimikiza kuti si cha lero. Koma ikapanda kupeza kanthu, sinakuuzeni kuti n'choona. Zithunzi zambiri zimangoyenda m'mafoni, sizinaikidwepo pa tsamba lililonse, ndiye makinawo sangazione. Chithunzi cha ngozi ya zaka zinayi zapitazo ku Kasungu, chimene munthu anajambula n'kungotumizira anzake, chikhoza kubweranso lero popanda Google kuchidziwa.

Funso lachinayi ndi lalifupi. Ndani winanso akunena zimenezi? Basi yaikulu singagwe pa M1, anthu ambiri n'kufa, Zodiak, MBC ndi Times osalengeza. Atolankhani ali m'boma lililonse, ndipo apolisi ali ndi owayankhulira amene amapereka chiwerengero. Tsegulani wailesi nthawi ya nkhani. Ngati nkhaniyo ndi yaikulu chotero koma ikupezeka pa WhatsApp pokha, ola lathunthu litadutsa, kayikani. Nthawi zina n'zoona kuti foni imatsogola, wailesi n'kubwera pambuyo, koma kudikira ola limodzi sikunaphepo munthu. Chinanso chapafupi ndi kuimbira munthu amene ali kumaloko. Banja lathu lili ndi mlamu amene amagulitsa mbatata ndi kabichi m'mbali mwa msewu womwewo, pafupi ndithu ndi Linthipe. Mayunitsi a mphindi imodzi akanatha nkhani yonse. Palibe anaganizako, ngakhale ine.

Ndipo mukaona uthenga ukukukakamizani, wakuti tumizani msanga asanachifufute, kapena wakuti awailesi akubisa, kapena wakuti ngati mumakonda abale anu tumizani kwa anthu khumi, dziwani kuti wolembayo akufuna chala chanu chifulumire kuposa mutu wanu. Munthu amene waonadi ngozi salemba choncho. Amatchula malo enieni, nthawi, mtundu wa galimoto ndi chipatala chimene apita nawo ovulala.

Tsopano lachisanu, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa onse, chifukwa limagwira ntchito ngakhale chithunzicho chitakhala choona kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chikafika kumene ndikuchitumizako, chikapweteka ndani?

Yambani ndi amene ali m'chithunzimo. Munthu wagona pamsewuyo ali ndi amake. Kwathu uthenga wa maliro uli ndi njira yake. Munthu akamwalira, akuluakulu amayamba akhala pansi, amfumu amauzidwa, ndipo kwa mayi wa malemuyo kapena mkazi wake amatumako anthu okhwima maganizo, osati mwana. Amafika, amakhala pansi, amapempha kuti aitane achibale ena akhale pafupi, mwina amayamba ndi kunena kuti matenda akula, kenako n'kumasula. Makolo sanachite zimenezi chifukwa chokonda kuchedwa. Ankadziwa kuti nkhani ya imfa ikamugwera munthu ali yekha, ikhoza kumugwetsa nayenso. Lero mayi akumva za imfa ya mwana wake poona malaya amene anamuchapira dzulo, ali pa chithunzi chimene chafika pakati pa nthabwala ndi malonda a nsapato. Kaya ndi choona chotani, chithunzi cha mtembo kapena cha munthu wovulala amene nkhope yake ikuoneka musachitumize. Ngati ndi mwana wamng'ono, kapena munthu amene wavulidwa, apo ndiye musayerekeze n'komwe. Mukafuna kuchenjeza abale, mawu akwanira: msewu watsekeka pamalo akutiakuti, amene muli paulendo tiuzeni kuti muli bwino. Pamenepo mwathandiza, ndipo simunavule munthu.

Pali mtundu wina wa chithunzi umene umandiopsa kuposa wa ngozi, ndiwo wa nkhope ya munthu wamoyo, pansi pake atalembapo kuti uyu ndi wakuba ana, kapena uyu ndi mfiti, kapena uyu akufunafuna anthu achialubino. Amene munali akuluakulu mu 2017 mukukumbuka za anamapopa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka mu Blantyre. Mphekesera yokha, popanda ndi mmodzi yemwe amene anapezeka atapopedwa magazi, inaphetsa anthu osalakwa, ena chifukwa chongokhala achilendo m'deralo. Ku India mu 2018 zinachitikanso zofanana, koma kumeneko moto unayenda pa WhatsApp. Kunafala vidiyo ya anthu awiri pa njinga yamoto akuba mwana pamsewu. Vidiyoyo inali sewero lophunzitsa makolo kusamala ana, lojambulidwa ku Pakistan, koma wina anadula kumapeto kumene amamubweza mwanayo n'kuonetsa uthenga wa chenjezo. Mu Julayi chaka chimenecho, m'mudzi wina m'chigawo cha Maharashtra, amuna asanu apaulendo anamenyedwa mpaka kufa powaganizira kuti ndi akuba ana. Zitachitika zimenezi eni ake a WhatsApp anachepetsa chiwerengero cha anthu amene ungawapatsire uthenga nthawi imodzi, n'chifukwa chake lero foni imakuletsani mukapitirira asanu. Nkhope ya munthu ikayenda ndi dzina la wakuba, simungaibwezenso. Mawa akatsika minibasi pamalo pamene sakumudziwa, wina n'kumuzindikira, chigulu cha anthu sichifunsa mafunso. Ngati mukukhulupiriradi kuti munthuyo ndi woopsa, chithunzicho pitani nacho kupolisi kapena kwa amfumu. Muzikumbukiranso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene anatumiza pa magulu a pa foni. Kunena kuti ine ndinangopatsira sikuchotsa dzina lanu pa uthengawo.

Kenako ganizirani olandira. Gulu la banja si gulu la anzanu a mpira. Mulimo agogo a mtima wofooka. Mulimo mlamu wanu woyembekezera. Mulimo azakhali amene anataya mwana pa ngozi ya minibasi, amene mpaka lero akamva kulira kwa ambulansi amasiya kudya. Ndiponso mafoni a m'nyumba zathu sakhala a munthu mmodzi: madzulo ana amawatenga kuti aseweretse, ndipo chithunzi chimene chinalowa chokha mu foni amachipeza. Musanadine, tsegulani mndandanda wa anthu a pa gulu, muwaone mmodzimmodzi m'maganizo. Kodi chithunzichi mukanachisindikiza pa pepala, mukanapita nacho pa mkeka pamene akhala anthu amenewa n'kuwaonetsa? Ngati simukanatero, chisiyeni.

Mwina wina anena kuti, malume, nanga chikakhala choona ndipo ine ndachisunga, abale osachenjezedwa? Funso labwino, ndipo ndaliganizira. Yankho langa ndi lakuti chenjezo lenileni limauza munthu chochita. Mtsinje wakuti wadzaza, musawoloke. M'tauni muli zipolowe, musadutse msewu wakuti. Zotere zitumizeni, mutatsimikiza, ndipo nenani kumene mwazimva. Koma chithunzi cha mitembo sichiuza munthu chochita chilichonse, chimangomuthyola mawondo. Ndipo ngati mukukayika koma mtima ukukuvutani, musachiponye pa gulu ndi mawu akuti kaya n'zoona izi. Ambiri mumachita zimenezi poganiza kuti mwasamba m'manja. Chithunzi chimafika m'maso msanga kuposa kaya wanuyo, ndipo wotsatira akamachipatsira kwina, kaya uja amatsalira. Tumizirani munthu mmodzi wodekha, kuseri, mufufuze awiri.

Zikachitika kuti mwatumiza kale ndiye mwazindikira pambuyo, musachite manyazi n'kungokhala chete. Dinikizani uthengawo, sankhani kufufuta, ndipo musankhe "Delete for everyone", osati "Delete for me", chifukwa yachiwiriyi imangochotsa mu foni yanu yokha, kwa ena chili chikhalire. Mwayi umenewu umakhalapo kwa masiku awiri okha, ndipo amene anachisunga kale kapena kuchipatsira kwina simungamulande. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake kufufuta pakokha sikukwanira. Lembani pa gulu pomwepo momveka kuti chithunzi ndinatumiza chija si cha lero ndipo si cha kuno, amene mwachitumiza kwina chonde kauzeni. Kenako bwererani kwa amene anakupatsani, mumuuze nayenso. Inu amene muli maadimini a gulu, foni imakulolani kufufuta uthenga wa munthu wina kuti uchoke kwa onse. Mphamvu imeneyo muziigwiritsa ntchito chithunzi cha mtembo chikagwa, ngakhale wotumizayo akhale wamkulu kwa inu. Mukatero muimbireni mwaulemu, mumufotokozere chifukwa chake.

Mwana amene anatumiza chithunzi cha basi uja anachita bwino pa mbali imeneyi. Anakwera minibasi Loweruka lake kupita ku Ntcheu, anakagwada pamaso pa amayi ake aakulu, n'kupepesa. Iwo anamukhululukira, koma pa gulu anatulukapo ndipo mpaka lero sanabwerere. Amati akamva foni ikulira motsatizana, mtima umayamba kugunda. Nkhani za banja timachita kuwaimbira.

Mwezi wathawu chithunzi chomwe chija chinabweranso pa gulu lina limene ndilimo, la anzanga amene tinapuma ntchito limodzi. Basi yomweyo, zitenje zomwezo, mayi wa ambulera yemweyo. Ulendo uno analemba kuti ndi pa Zalewa. Ndinafunsa amene anatumizayo, mkulu mnzanga wa imvi ngati ine, kuti wajambula ndani. Anayankha kuti alandira kwa mpongozi wawo, ndipo akafunsa. Patapita kanthawi uthengawo unafufutidwa, koma unali utakhalapo mphindi 20, ndipo pa gululo pali anthu awiri amene ana awo amayendetsa minibasi pa msewu wa Zalewa.